Suti ya a Chisi

Nkhani yoti a Anderson Chisi akuchoka inafika pa ofesi eni akewo asanaiulule. Anabwera nayo ndi Kizito, dalaivala wa bungwe, pochokera ku Lilongwe komwe anakasiya malipoti. Iye anati anamva ndi makutu ake ku likulu kuti a Chisi sakhalanso ku Mzimba ukatha mwezi wa Novembala. Anawonjezeranso kuti mpando wa mkulu woona za antchito ku likuluko unali wopanda munthu. Zinthu ziwirizi Kizito anangozinena motsatizana, anthu n'kuzilumikiza okha.

Ofesiyo inali ya bungwe lina logawa mbewu ndi kuphunzitsa alimi, m'nyumba yalendi pa Boma la Mzimba, ndipo a Chisi anali ataiyendetsa zaka zisanu ndi zinayi. Panalibe amene ankawakonda kwenikweni. Shuga wa tiyi ankamutsekera m'kabati yawo, n'kumamupereka ndi kasupuni ngati mankhwala a chifuwa. Pakagwa maliro kapena ukwati wa wantchito, iwo ankaponya K1,000, nthawi zonse K1,000, n'kufunsa ngati yalembedwa. Koma sabata imeneyo anthu anayamba kukumbukira kuti a Chisi ndi munthu wachilungamo, wosunga mwambo, bambo wa tonse.

Christobel Nyirenda, mlembi wa pa ofesi, ankamvera zonsezi ali pa desiki yake, n'kumaseka chamumtima. Anzakewa ankawadziwa bwino. Iye ndiye ankatolera zopereka zonse za pa ofesipo, osati chifukwa chokonda ntchitoyo, koma poti desiki yake inali ndi loko. Ankadziwa amene amalonjeza mofuula n'kupereka monong'ona, ndi amene amasowa m'khonde tsiku la malipiro.

Antchito anakumana Lachitatu masana kuti akambirane za mphatso yotsanzikira a Chisi, iwo atapita ku msonkhano wina. Analipo anthu khumi ndi anayi, kuphatikizapo alangizi a kumidzi amene anabwera pa njinga zamoto. Mayi Dyness Kalonga, osunga katundu, a kwawo ku Dedza, ndiwo anayamba kulankhula.

"Tisavutane," anatero. "Aliyense aponye faifi sauzande. Wamkulu, wamng'ono, chimodzimodzi. Palibe wonyada, palibe wochita manyazi."

Lois, amene ankasesa ndi kuphika tiyi, anayang'ana mlonda, mlonda n'kuyang'ana pansi. Christobel ananena zimene awiriwo sakanatha kunena: faifi sauzande kwa mayi Dyness ndi ndiwo za masiku awiri, koma kwa Lois ndi ufa wa sabata.

Apa m'pamene anaimirira Zondwayo Jere, mlangizi wa ku Manyamula. Anali wamtali, wokonda kulankhula ataimirira ngakhale m'chipinda chaching'ono. Zaka zinayi anakhala akulemba makalata opempha kuti amusamutsire ku tauni, koma onse ankathera m'kabati ya shuga ija.

"Ine ndikuti munthu asamangidwe manja," anatero. "Mtima ukufuna kupereka zambiri, mbwenu upereke. Koma zonse zikhale poyera. Tipange gulu pa watsapu popanda abwana, mlembi azilemba dzina ndi ndalama, aliyense aziona. Ndipo pa tsikulo, amene waponya zambiri ndiye apereke mphatso m'manja mwawo. Ndi ulemu chabe."

"Nanga amene waponya zochepa adzatani, adzaombe m'manja?" anafunsa mayi Dyness.

"Kuomba m'manja nakonso ndi ntchito, mayi."

Anthu anaseka, ndipo mfundo ya Zondwayo inadutsa, chifukwa aliyense anali ataganiza kale zomwezo, kungoti analibe nkhope yozinenera. Zondwayo sanadikire n'komwe kuti msonkhano utsekedwe. Anasolola ndalama m'thumba la malaya n'kuyamba kuziwerenga pa tebulo, akunyambita chala, pang'onopang'ono kuti ndi akumbuyo omwe amve. Zinakwana K50,000.

"Kupatsa n'kuika," anatero.

"Inde, mwaikadi," anayankha Christobel. "Tonse taona pamene mwaika."

Madzulo ake, akuchapa mbale kunyumba kwake, Christobel anali akumunyozabe Zondwayo mumtima. Munthu kugula kalata yosamukira pamaso pa anthu, ngati akugula mbuzi pa msika. Koma mbale zitatha anakhala pa mkeka n'kutsegula kachikwama kake. Mwamuna wake ankagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo ankabwera kamodzi pa miyezi iwiri, nthawi zina osabwera. Mwana wawo wamng'ono ankamutcha bambo ake kuti amalume. Christobel sanalembepo kalata yopempha kusamuka, poti ankadziwa kumene makalata otere amathera. Koma munthu woona za antchito akakukumbukira bwino, kalata siifunika kwenikweni. Anadziuza kuti iye akupereka chifukwa wagwira ntchito pafupi ndi a Chisi nthawi yaitali, basi, ndipo anatenga K20,000 pa ndalama imene ankasungira feteleza.

Mndandanda utangoikidwa pa gulu, mpikisano unayamba. Mayi Dyness, omwe aja a faifi sauzande, analemba kuti aponya K15,000, n'kubweretsa faifi yokha, yotsalayo akuti kumapeto a mwezi. Alangizi awiri a ku Engutwini analonjeza teni teni, ndalama osaoneka. Wina anatumiza yake pa foni osaikapo yotapira, kotero kuti Christobel atapita kwa ejenti inatuluka yoperewera, koma mwini wake anakakamira kuti pa mndandanda palembedwe yathunthu. Kizito anapereka faifi, kenaka ataona kuti dzina lake latsika kwambiri anabweranso ndi ina iwiri.

Lois anabwera m'mawa anthu asanafike, n'kuika K1,000 pa desiki.

"Ndapota, musalembe nambala," anatero. "Lembani dzina pera."

"Tinagwirizana kuti tizilemba, Lois."

"Munagwirizana ndinu."

Christobel analemba dzina lokha n'kuika chizindikiro choti wapereka. Pasanathe ola limodzi Zondwayo anali atafunsa kale pa gulu kuti chizindikirocho chikuimira zingati, poti ndalama za gulu zimafunika kuwala. Christobel anazengereza mpaka masana, kenaka analemba nambalayo. Mayi Dyness anaikapo kachithunzi ka manja awiri opemphera, ndipo Lois tsiku limenelo anaphika tiyi wozizira.

Pa nkhani ya mphatso yeniyeniyo sipanakhale kukambirana kwenikweni. Mayi Dyness ankafuna wotchi yapakhoma. Kizito anati mbuzi, poti mbuzi imaswa. Zondwayo anawasiya alankhule, kenaka anati munthu wopita ku likulu sanyamula mbuzi, amafunika suti yosokedwa pa thupi lake, yoti akaivala pa msonkhano azikumbukira anthu a ku Mzimba. Kizito atati avote, Zondwayo anafunsa mwaulemu ngati voti ya munthu wa seveni sauzande ikhale yofanana ndi ya munthu wa fifite. Christobel anaona kuti funsolo ndi lauve, koma nayenso suti ankaifuna, ndiye anangolemba kuti gulu lagwirizana.

Malonjezo onse pamodzi anakwana K160,000, koma zimene zinali m'desiki zinali K110,000. Christobel anapita kwa mayi Chisi kukabwereka mobisa suti yakale ya amuna awo kuti telala atengerepo miyeso. Mayiwo anamupatsa, n'kumuyang'ana kanthawi ngati akufuna kunena kanthu, kenaka anangoti, "Yewo, mwatikumbukira."

Telala wake anali a Themba, amene anali ndi kashopu kuseri kwa msika, wodziwika posokera abusa ndi akwati. Anati suti yabwino, nsalu yochokera ku Mzuzu, ndi K120,000, ndipo sagwira lumo asanalandire sevente. Christobel anawerengera kuti malonjezo akabwera kumapeto a mwezi, telala adzamalizidwa ndipo padzatsala ya zakumwa ndi nkhuku za paphwando. Analipira, n'kujambula lisiti, n'kuliika pa gulu. Zondwayo anayankha ndi zithunzi za moto zitatu.

Masabata awiri amenewo a Chisi ankayenda ngati mfumu osadziwa chifukwa chake. Galimoto yawo inkatsukidwa kawiri pa tsiku. Malipoti amene kale ankachedwa mwezi wathunthu ankafika tsiku lake lisanakwane. Zondwayo anawabweretsera nkhuku yamoyo kuchokera ku Manyamula, akuti yangopezeka. A Chisi anailandira n'kufunsa ngati inalandira katemera.

Lolemba la sabata yachitatu a Chisi anaitanitsa antchito onse. Anakhala kumutu kwa tebulo, n'kuvula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Ndamva kuti mphepo yakufikirani kale," anayamba. "Ndi zoona, ndikuchoka. Mgwirizano wanga wa ntchito watha, ndipo akuluakulu aona kuti asauwonjezere. Akuti ndalama za opereka thandizo zachepa, ndipo mpando uno akufuna munthu wa mapepala ambiri kuposa anga. Ndikubwerera kumudzi ku Engutwini. Ndili ndi munda kumeneko, ndizikalima nyemba."

Kunja kunkamveka matabwa akutsitsidwa pa lole kwa ogulitsa oyandikana nawo.

"Nanga ku Lilongwe, abwana?" anafunsa Kizito.

"Ku Lilongwe kwatani?"

"Mpando uja wa za antchito."

"Analemba kale mayi wina wochokera ku Zomba. Akuyamba Januwale."

Christobel anayang'ana Zondwayo. Nkhope yake inali ngati ya munthu amene wadzala munda wonse kenaka n'kuuzidwa kuti mundawo ndi wa wina. Christobel anafuna kuseka, koma kusekako kunatha atakumbukira feteleza wake.

Malipiro anabwera kumapeto a mwezi, malonjezo sanabwere. Mayi Dyness anati mlamu wawo wagonekedwa m'chipatala ku Dedza, mlamu amene m'zaka zonsezi anali asanatchulidwepo. Alangizi a ku Engutwini anati kwawo netiweki yavuta, ngakhale ankaoneka pa watsapu tsiku lonse. Wina anangotuluka m'gulu mwakachetechete. Kizito anayamba kuuza aliyense kuti iye sananenepo kuti a Chisi akukwezedwa, anangonena kuti mpando ulibe munthu, ndipo zimenezo zinali zoona.

Zondwayo anabwera Lachinayi, fumbi la msewu wa ku Manyamula lili m'nsidze. Anatseka chitseko cha ofesi ya Christobel, chinthu chimene sankachita, n'kukhala pansi, chinthu chinanso chimene sankachita.

"Mlongosi," anatero mofatsa, kumuitana ngati mlongo wake, "pachitika kavuto kunyumba. Fizi ya mwana. Ndimati mundibwezereko fote, teni itsale. Teni si yochepa, ambiri sanafikepo."

"Fizi munaidziwa liti, a Jere? Sukulu anatsegulira kalekale."

"Zapabanja n'zovuta kufotokoza."

"Chopereka sichibwerera. Mwambo umenewu mukuudziwa. Ndipo suti munaisankha ndinu. Nsalu yadulidwa kale."

"M'desikimo muli zingati?"

"Fote. Ndi ya telala."

"Mbwenu ndi yomweyo."

Christobel anakana. Zondwayo sanakweze mawu. Anangofunsa, akuyang'ana zikhadabo zake, kuti kodi ndi msonkhano uti umene unaloleza mlembi kupereka sevente yathunthu kwa telala malonjezo asanatoleredwe. Anafunsanso ngati a Themba si a mpingo umodzi ndi Christobel. Anati iye payekha sakukayika chilichonse, koma anthu ndi anthu, ndipo funso lotere likaikidwa pa gulu, ena akhoza kuganiza kuti suti ya handiredi twente mwina ndi ya nainte.

Zaka zonsezi Christobel anatolera ndalama za maliro ndi maukwati osasowetsa ngakhale tambala, koma ankadziwa kuti wosunga ndalama za gulu akangonenedwa kamodzi, lisiti silimutsuka. Anatsegula chitseko n'kuitana Kizito kuti akhale mboni. Anawerenga ndalamazo mokweza monga anachitira mwini wake tsiku lija, n'kumusainitsa pa pepala.

Zondwayo anaika ndalama m'thumba, n'kuimirira, n'kuzengereza pakhomo.

"Pa mndandanda paja musasinthe," anatero. "Zingosokoneza anthu."

"Ndalama za gulu zimafunika kuwala, a Jere."

Njinga yake isanatuluke pa geti, Christobel anali atakonza kale mndandanda. Pa dzina la Zondwayo analemba K10,000, n'kuwonjezera kuti fote yabwezedwa kwa mwini wake pa pempho lake, mboni Kizito. Anafufutanso malonjezo onse osakwaniritsidwa n'kusiya ndalama zenizeni zokha. Atatumiza anamva kukoma ngati wamwa madzi ozizira, ndipo anakhala akuyang'ana foni kudikira kuti anthu amuseke Zondwayo.

Woyamba kuyankha anali mayi Dyness. Sanatchule Zondwayo n'komwe. Analemba kuti akuyamikira mlembi, amene tsopano ndiye akutsogolera ndi K20,000, ndipo zikuonetsa kuti pa ofesi pano pali anthu amene mtima wawo unali kale ku Lilongwe. Pansi pake panatsatira nkhope zoseka, imodzi imodzi, mpaka ya mlonda amene foni yake inali yobwereka.

Christobel anayang'ananso mndandanda umene anaukonza ndi manja ake. Dzina lake linali pamwamba, lokhalokha, kuwirikiza kawiri la wotsatira. Aliyense pa ofesipo ankadziwa kumene mwamuna wake amakhala. Ankaganiza kuti twente yake yabisala kuseri kwa fifite ya Zondwayo, ndipo inabisaladi, mpaka iye mwini anachotsa chotchingacho.

Mawa lake Lois anamubweretsera tiyi wotentha bwino, n'kuima pambali pa desiki.

"Ndamva akubweza," anatero.

"Palibe chatsala, Lois."

"Akulu abwezeredwa fote, ine wani sauzande yokha yavuta?"

"Yako ili mu nsalu."

Lois anatsonya, n'kutenga mbale ya kashuga kamene a Chisi anapereka tsikulo kubwerera nayo kukhitchini Christobel asanathire.

Kwa a Themba nkhani inali yaifupi. Suti inali itatha, itapachikidwa m'pulasitiki, yabuluu wakuda, yokongola moti Christobel anaipidwa nayo. Anafotokoza mmene zinthu zayendera. A Themba anamvetsera akusoka malaya a wina, makina osaima.

"Amama, ine sindisoka malonjezo," anatero. "Fifite yanga ibwere, suti ituluke."

"Phwando ndi Lachisanu likubwerali."

"Lachisanu ndi lanu, suti ndi yanga."

Anakambirana mpaka dzuwa linapendeka. Pomaliza a Themba anati jekete ndiyo imadya nsalu ndi ntchito yambiri, ndiye ngati awonjezera fifitini pa sevente ija akhoza kutenga jekete yokha. Thalauza litsala mpaka sate faifi yake itapezeka. Christobel anapempha pa gulu kuti anthu athandize fifitiniyo. Uthengawo unawerengedwa ndi onse, osayankhidwa ndi aliyense. Anazungulira desiki ndi desiki, n'kupeza sikisi, yambiri yake yochokera kwa Kizito amene chikumbumtima chinkamudya pang'ono. Naini yotsalayo anaitulutsa m'thumba lake, ndipo ulendo uno sanailembe pa mndandanda.

Phwando linachitikira m'chipinda cha misonkhano. Nkhuku zija zinasanduka mabisiketi awiri awiri ndi sobo wothira madzi ambiri. A Chisi anabwera ndi akazi awo, atavala suti yakale ija imene Christobel anabweza. Zondwayo, amene palibe anamupempha, anaimirira n'kulankhula nthawi yaitali. Anati a Chisi ndi mtengo waukulu umene mbalame zonse zinkapumulamo. Anati ndalama si kanthu, chofunika ndi mtima. Mayi Dyness anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, m'maso mouma.

"Tsopano," anatero Zondwayo, "monga mwa pangano lathu, mphatso iperekedwa ndi amene anaponya zambiri kuposa tonse. Mayi Nyirenda, bwerani kutsogolo."

Anthu anaomba m'manja mwamphamvu kuposa mmene anaombera a Chisi. Christobel anayenda ndi phukusilo. Analikulunga mu pepala lalikulu, n'kuikamo makatoni opyapyala kuti lioneke lonenepa. Anagwada pang'ono n'kupereka ndi manja awiri, akupemphera kuti a Chisi akatsegulire kunyumba.

A Chisi sanali munthu wolandira katundu osamuona. Anamatula pepalalo mosamala kuti lisang'ambike, n'kulipinda, n'kuwapatsa akazi awo. Anatulutsa jekete, n'kuitembenuza, n'kuyang'ana misoko ya mkati. Anavula yakale n'kuvala yatsopanoyo, ndipo inawakhala ngati anabadwa nayo. Kenaka anasuzumira m'phukusi, n'kutulutsa makatoni aja limodzi limodzi, n'kugwedeza pulasitiki.

"Nsalu iyi ndi ya suti," anatero.

Kizito anayamba kuwerenga zolembedwa pa botolo la sobo.

"Ndi jekete, abwana," anatero Christobel. "Imayenda ndi thalauza lililonse."

"Mayi akunyumba anandiuza kuti munabwereka zonse ziwiri, jekete ndi thalauza."

Mayi Chisi anayang'ana kudenga. A Chisi anapinda pulasitiki ija, kenaka anathokoza mwachidule. Anati ayamikira chomene, ndipo akudziwa kuti aliyense wapereka monga mwa kuthekera kwake, monga iwonso ankachitira nthawi zonse pa zopereka za anzawo. Anatenga mabisiketi otsala n'kuwaika m'thumba la jekete yatsopanoyo, phwando n'kutha.

Christobel ankaganiza kuti manyazi athera pomwepo. Koma patapita sabata foni yake inalira, ali pa ntchito. Anali a Chisi, akuimba kuchokera ku Engutwini.

"Ndinadutsa kwa a Themba dzulo," anatero atapereka moni. "Thalauza lilipo. Ndaliyesa, likundikwana bwino. Akuti patsala sate faifi."

"Inde, bambo." Mawu oti abwana anali atamuchoka pakamwa osadziwa.

"Ndimati ndikukumbutseni, poti ndinu msungichuma. Chinthu mukachiyamba ndi bwino kuchimaliza. Anthu khumi ndi anayi, mukagawana ndi thu sauzande faifi handiredi aliyense."

"Gulu linatha, bambo. Ngati mwalikonda, mukhoza kukaliombola nokha."

"Ine ndigule mphatso yanga?"

Anaimbanso sabata yotsatira, ndi inanso. Nthawi zina ankangoliza kamodzi n'kudula kuti Christobel ndiye aimbe. Tsiku lina Christobel anaika uthenga wawo pa gulu lija, mmene munali mutatsala anthu asanu okha. Mayi Dyness anayankha kuti nkhaniyi ndi ya pakati pa a Chisi ndi amene anatsogolera kupereka. Christobel anafufuta gululo, ndipo anapita kwa bwana watsopano, mnyamata wa mapepala ambiri uja, kukamuuza kuti ntchito yotolera zopereka aipereke kwa wina. Bwanayo anafunsa pa msonkhano ngati pali wodzipereka. Onse anati mayi Nyirenda amaitha bwino, palibe angafanane nawo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Chaka chimenecho Christobel anathira feteleza theka la munda wake, ndipo chimanga cha mbali inayo chinakula chachikasu, chofika m'chiuno. Thalauza lija a Themba analipachika pakhomo pa shopu yawo, litamatidwa kapepala ka mtengo, moti aliyense wa pa ofesi wopita kukagula ndiwo ankalidutsa. Zondwayo akabwera pa Boma ankazungulira njira ya kudepoti. Linakhala pamenepo mvula yonse, mwendo umodzi n'kuyamba kusuluka ndi dzuwa.

Chakumapeto kwa Epulo Christobel anadutsapo n'kupeza palibe. A Themba anamukodola.

"Lapita," anatero. "Wagula munthu wina wocheka matabwa ku Chikangawa, akuti ali ndi mlandu ku khoti, akufuna akaoneke bwino. Ndamugulitsa twente faifi. Ndaluza teni chifukwa cha inu, koma sindikufunsani."

"Yewo, a Themba."

"Abwana anu aja anabwera Loweruka. Jekete ija avala, pansi kabudula ndi nsapato zamphira, anabwera kudzagulitsa nyemba. Atamva kuti thalauza lagulidwa anati ndiwapatse ndalamayo, poti linali lawo. Ndinawaonetsa khomo. Akuti akuimbirani."

Christobel anatulutsa foni m'kachikwama, n'kuizimitsa, n'kulowa mumsika kukagula tomato.